Mbiri ya wolemba mapulogalamu: vuto, njira ndi zotsatira

Wolemba mapulogalamu a pakompyuta ndi a pafoni akamafuna ntchito kapena makasitomala, amakhala ndi tsamba pa intaneti lofotokoza za iye ndi zimene wapangapo. Tsambali ndilo mbiri yake ya ntchito. Mbiri imeneyi imasiyana ndi kalata wamba yofunsira ntchito chifukwa zimene mwini wake wanena zingathe kutsimikizidwa pomwepo. Mphunzitsi akalemba kuti amadziwa kuphunzitsa, wowerenga amadalira satifiketi ndi mawu a anthu amene anamulembapo ntchito. Wolemba mapulogalamu akalemba kuti anathetsa vuto lakutilakuti, angathe kuika linki yopita ku khodi yeniyeniyo, amene ali malangizo omwe iye analembera kompyuta, ndipo wowerenga amakadzionera yekha. Choncho mbiri yolembedwa bwino imakhala ndi mbali ziwiri zodalirana. Mawu amafotokoza ntchito iliyonse, ndipo malinki amapereka umboni wa mawuwo.

Kumene mbiri imakhala

Ambiri amasunga khodi yawo pogwiritsa ntchito Git, pulogalamu imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Git imakumbukira kusintha kulikonse kumene kwachitika pa khodi, amene anasintha, ndi tsiku lake. Kusintha kumodzi kosungidwa kumatchedwa `commit`, ndipo mafayilo onse a pulojekiti imodzi pamodzi ndi mbiri ya kusintha kwawo amakhala mu nkhokwe imodzi. Nkhokwezi zimaikidwa pa mawebusaiti monga GitHub, GitLab ndi Bitbucket. Yodziwika kwambiri ndi GitHub, imene inayamba mu 2008 ndipo inagulidwa ndi Microsoft mu 2018.

Pa GitHub, malo odzifotokozera pansi pa dzina ndi ochepa, zilembo 160 zokha. Koma kuyambira mu 2020 pali njira yolembera zambiri. Munthu akatsegula nkhokwe yoonekera kwa onse, n'kuipatsa dzina lofanana ndendende ndi dzina lake la pa GitHub, n'kuikamo fayilo yotchedwa `README.md`, zolembedwa mu fayiloyo zimaonekera pamwamba pa tsamba lake. Angathenso kusankha nkhokwe zosaposa zisanu ndi imodzi kuti zikhomedwe pamalo oonekera. Ena amalemba mbiri yawo pa LinkedIn kapena pa webusaiti yawoyawo, n'kumaloza ku GitHub ndi malinki. Mbiri zambiri zimalembedwa m'Chingerezi poti olemba ntchito ambiri amawerenga chimenecho, koma kamangidwe kake ndi kamodzi m'chinenero chilichonse.

Owerenga mbiri yotere ali amitundu iwiri. Woyamba ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, kapena mwini bizinesi, amene mwina sadziwa kuwerenga khodi. Iye amafuna kumva kuti munthuyu anathandiza ndani ndipo zinatha bwanji. Wachiwiri ndi mmisiri mnzake, amene adzatsegula khodi kuti aone ngati ili yolongosoka. Onse awiri amakhala ndi mbiri zambiri zoti aone ndipo sakhalitsa pa imodzi. Mzere woyamba uyenera kunena mtundu wa ntchito imene munthuyo amagwira, mwachitsanzo mapulogalamu a pafoni ogwira ntchito kumalo kovuta netiweki. Mawu onga "wolimbikira" ndi "wokonda luso lamakono" samuuza wowerenga kanthu, chifukwa palibe linki imene ingawatsimikize.

Mndandanda wa zinenero sukwanira

Chizolowezi chofala ndicho kundandalika zinenero za khodi ndi zida: Python, Java, PHP, JavaScript, MySQL, Docker, mpaka mayina makumi awiri. Mndandanda wotere uli ndi ntchito yake, chifukwa olemba ntchito ena amasaka mayina amenewa. Koma sumasiyanitsa munthu amene wagwiritsa ntchito Python zaka zisanu ndi amene anangoilawa sabata imodzi. Mmisiri wa matabwa sadziwika poonetsa sowo, pulena ndi hamala, amadziwika ndi chitseko chimene chimatsekeka bwino ngakhale m'nyengo ya mvula. Ndi chifukwa chake pulojekiti iliyonse imafotokozedwa m'magawo atatu otsatana: vuto limene linalipo, njira imene inasankhidwa, ndi zimene zinatsatira. Mayina a zida amalowa m'gawo lachiwiri, pamene amakhala ndi chifukwa choonekera.

Chitsanzo choyerekeza chingasonyeze mmene magawowa amalembedwera. Anthu ndi manambala ake ndi ongopeka kuti aphunzitse, koma mavuto ake ndi odziwika m'ntchitoyi. Tiyerekeze kuti pali gulu la alimi a ng'ombe za mkaka, longa magulu amene amapezeka ku Thyolo, ndipo alimi 140 amabweretsa mkaka pamalo osonkhanitsira kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Mlembi amayeza mkaka n'kulemba m'kaundula. Mtsikana wina wophunzira za makompyuta anawalembera pulogalamu ya pafoni. Mu mbiri yake yoyamba analemba mzere umodzi wokha: "Pulogalamu ya mkaka, yolembedwa mu Kotlin, SQLite ndi PostgreSQL." Mzerewu ndi woona, koma ntchito yonse yabisika.

Vuto

Gawo la vuto limafotokoza mmene zinthu zinalili pulogalamu isanabwere, ndipo silitchula chida chilichonse. Limayankha mafunso atatu: amavutika anali ndani, chinkawavuta n'chiyani, ndipo n'chiyani chinkalepheretsa njira yapafupi. M'chitsanzochi, alimi 140 akabweretsa mkaka kawiri pa tsiku kwa masiku 30, mizere ya m'kaundula ingafike 8,400 pa mwezi. Anthu awiri ankatenga masiku anayi kuti awonkhetse malita a mlimi aliyense, malipiro ankachedwa, ndipo mikangano inkabuka mlimi akaona kuti chiwerengero chake sichikugwirizana ndi cha mlembi. Pamalopo netiweki imagwira mwa apo ndi apo, ndipo gululo linali ndi foni imodzi yokha yotsika mtengo.

Mfundo yomalizayi ndi imene ambiri amaiwala, pamene ndiyo imapatsa nkhani yonse tanthauzo. Pulogalamu yolemba malita ndi yosavuta, wophunzira aliyense wa chaka chachiwiri angailembe. Imakhala ntchito ya mmisiri pamene iyenera kugwira popanda netiweki, pa foni yofooka, m'manja mwa mlembi amene ali ndi mzere wa anthu onyamula zigubu kutsogolo kwake. Wowerenga akapanda kuuzidwa zopinga zimenezi, sangamvetse chifukwa chimene khodi inalembedwera mmene ilili, ndipo angaganize kuti wolembayo anazungulira njira popanda chifukwa.

Pali kulakwa kumodzi kumene kumaoneka kawirikawiri pano. Wolemba amaika yankho pamalo pa vuto, n'kunena kuti "gululo linalibe pulogalamu ya pafoni". Kusowa pulogalamu si vuto la mlimi. Vuto lake ndi kulandira ndalama mochedwa komanso kusakhulupirira kawerengedwe. Njira yodziyesera ndi iyi: ngati mlembi wa gululo atawerenga ndimeyo angavomere kuti zinalidi choncho, ndiye kuti vuto lalembedwa bwino.

Njira

Gawo la njira ndilo limene mmisiri mnzake amawerenga mofatsa, ndipo ndilo lofunika kulipatsa malo. Silifotokoza zonse zimene zinachitika kuyambira tsiku loyamba. Limasankha zigamulo ziwiri kapena zitatu zimene zinali zovuta, n'kunena chimene chinasankhidwa, chimene chinasiyidwa, ndi chifukwa chake.

Chigamulo choyamba m'chitsanzochi chinali cha kumene zolemba zizisungidwa. Webusaiti yotsegula pafoni ikanakhala yofulumira kupanga, koma yamtundu wamba imaima netiweki ikachoka. Njira ya manambala oimba, yonga imene anthu amatumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, imafunanso netiweki nthawi iliyonse, ndipo imafuna mgwirizano ndi makampani a mafoni umene gulu laling'ono silingaukwanitse. Choncho zolemba zonse zimayamba zasungidwa mufoni momwemo, mu SQLite, ndipo zimatumizidwa ku seva netiweki ikapezeka. Ziganizo zitatu zotere zimasonyeza kuti wolembayo anaganizira njira zingapo asanasankhe.

Chigamulo chachiwiri chinabadwa ndi cholakwika chimene chinaoneka poyesa. Foni inkatumiza mzere wa mkaka, seva n'kuusunga, koma netiweki n'kuduka yankho la seva lisanafike pafoni. Foni, posamva yankho, inkatumizanso mzere womwewo, ndipo mlimi ankapezeka ndi malita owirikiza. Chizindikiro chake chinali mizere iwiri ya mlimi mmodzi, ya malita ofanana ndi nthawi yofanana mpaka pa sekondi. Yankho linali lakuti foni izipatsa mzere uliwonse nambala yakeyake pa nthawi imene mlembi akuulemba, nambala yaitali ya mtundu wa `UUID` imene mwayi woti ingafanane ndi ina ndi wochepa zedi, ndipo seva izinyalanyaza nambala imene yailandirapo kale. Ku seva, mtima wa yankholi ndi mizere itatu:

```sql
INSERT INTO zopereka (id, mlimi, mililita, nthawi)
VALUES ($1, $2, $3, $4)
ON CONFLICT (id) DO NOTHING;
```

Mzere womalizawo ukutanthauza kuti nambalayo ikapezeka kuti ilipo kale, detabesi isachite kanthu. Umagwira ntchito pokhapokha ngati `id` yaikidwa kukhala yosabwerezeka mu tebulo. Zikatero, foni ingathe kutumiza mzere umodzi kakhumi popanda kuwononga chiwerengero. Apa ndi pamene linki iyenera kukhala, pafupi ndi chiganizo chofotokoza nkhaniyi, kuti wowerenga akafike pa mizere yomweyi ndi pa mayeso osonyeza kuti kutumiza kawiri sikuwirikiza malita.

Wowerenga watcheru adzaonanso kuti mkaka ukusungidwa m'mamililita, osati m'malita. Ichinso ndi chigamulo. Makompyuta sasunga manambala ena okhala ndi kadontho ndendende: m'zinenero zambiri, kuphatikiza `0.1 + 0.2` kumapereka `0.30000000000000004`. Kusiyana kwake ndi kochepa, koma pa zinthu zokhudza malipiro ndi bwino kukupeweratu. Malita 12.5 akasungidwa ngati mamililita 12,500, kuwonkhetsa kumakhala kwa manambala athunthu. Chiganizo chimodzi mu mbiri chimakwanira kutchula zimenezi.

M'gawo lomweli muyenera kuoneka amene anachita chiyani. Mapulogalamu ambiri amalembedwa ndi anthu angapo. Ngati mtsikanayu analemba mbali ya pafoni ndi ya kutumiza, pamene mnzake anakonza maonekedwe a malipoti, ayenera kunena choncho: "ndinalemba" pa zake, "tinagwirizana" pa za onse. Git imasonyeza dzina la mwini `commit` iliyonse, ndiye wodzitengera ntchito ya mnzake amagwidwa mosavuta. Ngakhale asagwidwe pamenepo, pa intavyu adzafunsidwa kuti afotokoze khodi imene sanalembe.

Zotsatira

Gawo lachitatu limabwerera ku vuto lija n'kunena chimene chinasintha. Ngati vuto linali masiku anayi owonkhetsa, zotsatira ziyenera kunena za nthawi yowonkhetsa. Kunena kuti pulogalamuyo ili ndi mizere ya khodi 5,000 kapena masamba khumi si zotsatira, ndi kukula chabe kwa ntchito.

Nambala iliyonse imafuna kufotokozedwa kumene yachokera. M'chitsanzochi, mwezi woyamba mlembi ankalemba m'kaundula ndi pafoni pomwe, kuti ziwirizi ziyerekezedwe. Pa mizere 8,112, mizere 23 inasiyana. Pa imeneyi, 19 inali yolakwika m'kaundula, ndipo 4 inali yolakwika pafoni chifukwa mlembi anasankha mlimi wina wa dzina lofanana. Zitatero, pulogalamu inasinthidwa kuti izionetsa nambala ya mlimi pambali pa dzina. Kuwonkhetsa kwa mwezi kunatsika kuchoka pa masiku anayi kufika pa m'mawa umodzi, ndipo nthawi yambiri ya m'mawawo ndi yotsimikizira ndi alimi amene ali ndi mafunso.

Zolakwika zinayi za pafoni zija zili ndi phindu lalikulu mu mbiri kuposa mmene wolemba angaganizire. Zimasonyeza kuti kuyeza kunachitikadi. Mbiri imene imati pulogalamu "inathetsa zolakwika zonse" kapena "inafulumizitsa ntchito ndi 90 peresenti" popanda kunena mmene anayezera imadzutsa chikayiko mwa wowerenga wodziwa. Chimodzimodzi, malire a ntchito ayenera kutchulidwa: pulogalamuyi imadalira foni imodzi, ndipo foniyo itatayika isanatumize, zolemba za tsikulo zingatayike nayo. Amene walemba zimenezi wasonyeza kuti akuidziwa bwino ntchito yake.

Sikuti pulojekiti iliyonse ili ndi manambala. Ya kusukulu, kapena yodziphunzitsira, mwina sinagwiritsidwepo ntchito ndi munthu wina aliyense. Pamenepo choonadi ndicho chilembedwe: kuti inali yophunzirira, kuti imagwira mpaka pati, ndi kuti mayeso ake amayesa chiyani. Kupeka manambala n'koopsa, chifukwa funso loyamba pa intavyu limakhala lakuti anapezeka bwanji.

Magawo atatuwa akaphatikizidwa, amakwana m'ndime imodzi yaifupi, motere: "Gulu la alimi 140 a mkaka linkatenga masiku anayi kuwonkhetsa malipiro a mwezi kuchokera m'kaundula, kumalo kovuta netiweki. Ndinalemba pulogalamu ya pafoni, mu Kotlin, imene imasunga zolemba mufoni n'kuzitumiza netiweki ikapezeka. Mzere uliwonse uli ndi nambala yakeyake kuti kutumiza kawiri kusawirikize malita. Mwezi woyamba tinayerekeza ndi kaundula: mizere 23 pa 8,112 inasiyana, 4 mwa iyo chifukwa cha pulogalamu, ndipo ndinakonza. Tsopano kuwonkhetsa kumatenga m'mawa umodzi. Pulogalamuyi imagwira pa foni imodzi yokha." Mwini bizinesi amamva chiganizo choyamba ndi zomalizira, mmisiri amatsata zapakati ndi malinki ake. Mbiri yonse imafuna ndime zotere zitatu kapena zinayi, yamphamvu kwambiri ikhale pamwamba.

Linki yolozadi pa umboni

Linki yopita ku tsamba loyamba la nkhokwe yokhala ndi mafayilo 200 imamusiya wowerenga asakudziwa poyambira. Linki yothandiza imapita pa fayilo ndi pa mizere imene ikukambidwa. Pa GitHub, munthu akatsegula fayilo n'kudina nambala ya mzere, kenako n'kudina nambala ina atagwira batani la `Shift`, mizere yapakati imasankhidwa ndipo kumapeto kwa adilesi kumawonjezeka chizindikiro chonga `#L40-L62`.

Koma linki yotere ili ndi chofooka. Imaloza ku nthambi yaikulu ya khodi, imene nthawi zambiri imatchedwa `main`, ndipo nthambiyo imasintha. Mwezi wamawa wina akawonjezera mizere khumi pamwamba pa fayilo, mzere 40 udzakhala ukunena zina. Fayilo ikasinthidwa dzina kapena kusamutsidwa, linki ingafe. Mankhwala ake ndi kudina batani la `y` fayilo ili yotsegula. Adilesi imasintha, dzina la nthambi n'kulowedwa m'malo ndi nambala yaitali ya `commit`, ndipo linkiyo imaloza ku fayilo mmene inalili pa nthawiyo ngakhale khodi itasintha pambuyo pake.

Wowerenga akafika mu nkhokwe, choyamba kuona ndi `README.md` ya pulojekitiyo. Iyenera kubwereza mwachidule vuto ndi njira, kusonyeza chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pulogalamu ikugwira, ndi kupereka malamulo enieni oyendetsera pulogalamuyo pa kompyuta ina. Malamulowa ayenera kuyesedwa mu foda yatsopano, chifukwa pulogalamu imene imayenda pa kompyuta ya mwini wake yokha kawirikawiri imadalira fayilo kapena chida chimene mwiniyo anaiwala kuti anachiika. Mmisiri amayang'ananso mauthenga a `commit`. Uthenga wakuti "kuletsa kuwirikiza kwa mizere potumizanso" umafotokoza ganizo. Mndandanda wa mauthenga ongoti "zosintha" sufotokoza kanthu, ndipo pulojekiti yonse yolowetsedwa ndi `commit` imodzi imabisa mmene inakulira.

Nkhokwe iyeneranso kukhala ndi laisensi ngati mwini wake akufuna kuti ena aigwiritse ntchito. Khodi yopanda laisensi, ngakhale ili poyera, imakhalabe yotetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba, ndipo ena alibe chilolezo choitenga. Laisensi ya MIT imalola pafupifupi chilichonse bola dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo zisachotsedwe, pamene ya GPL imafuna kuti wogawa pulogalamu yosinthidwa agawenso khodi yake pa laisensi yomweyo.

Zimene sizikhomedwa, ndi zimene siziikidwa konse

Malo asanu ndi limodzi okhomapo aja sikuti onse ayenera kudzazidwa. Pulojekiti yotsatira phunziro la pa vidiyo sitepe ndi sitepe imadziwika msanga, poti olemba ntchito aona yomweyo kambirimbiri. Nkhokwe ya munthu wina yongokopedwa ndi batani la `Fork`, popanda kusinthamo kanthu, si umboni wa luso lililonse. Zitatu zomalizidwa zimanena zambiri kuposa zisanu ndi imodzi zosiyidwa pakati.

Timabokosi tobiriwira timene GitHub imaonetsa pa tsamba la munthu, tosonyeza masiku amene anagwira ntchito m'chaka, sitiyenera kudaliridwa kwambiri. Timawerenga `commit` pokhapokha imelo imene ili mu Git yalumikizidwa ku akaunti ya munthuyo, ndipo `commit` ya pa nthambi yapambali siwerengedwa mpaka italowetsedwa mu nthambi yaikulu. Munthu wolimbikira amene kampani yake imasunga khodi kwina angaoneke ngati sagwira ntchito, pamene wina angadzaze timabokosito ndi zosintha zopanda pake.

Choopsa kwambiri ndi zinsinsi. Mapasiwedi a detabesi ndi makiyi olumikizira ku ntchito zolipira amasungidwa kawirikawiri mu fayilo yotchedwa `.env`, ndipo dzina la fayiloyo liyenera kulembedwa mu `.gitignore` kuti Git isaitenge. Kiyi ikalowa mu nkhokwe yoonekera kwa onse, kuifufuta mu `commit` yotsatira sikuthandiza, chifukwa Git imakumbukira zakale ndipo aliyense angabwerere m'mbuyo n'kuiona. Palinso mapulogalamu a anthu akuba amene amasakasaka makiyi otere usana ndi usiku. Chochita choyamba ndi kuipha kiyiyo kumene inatengedwa n'kupanga ina. Kuyeretsa mbiri ya nkhokwe ndi chida chonga `git filter-repo` kumabwera pambuyo.

Zokhudza anthu enieni nazo siziikidwa. M'chitsanzo cha mkaka, mayina a alimi, manambala awo a foni ndi malipiro awo sayenera kupezeka mu nkhokwe kapena pa zithunzi za mu `README.md`. Amalowedwa m'malo ndi mayina ndi manambala opeka. Ku Malawi kuli lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu la mu 2024, ndipo mayiko ambiri ali ndi malamulo otere, koma ngakhale pakanapanda lamulo, wolemba ntchito akaona mayina enieni poyera amadziwa mmene munthuyo adzasamalire zinsinsi za kampani yake.

Khodi ya abwana

Olemba mapulogalamu ambiri odziwa ntchito ali ndi vuto lina: ntchito yawo yabwino kwambiri analembera kampani, banki kapena bungwe, ndipo khodiyo si yawo. Nthawi zambiri mgwirizano wa ntchito umanena kuti zolembedwa pa ntchito ndi za wolemba ntchito, ndipo kuziika poyera n'kuphwanya mgwirizanowo. Apa magawo atatu aja amagwirabe ntchito popanda linki. Vuto, njira ndi zotsatira zingafotokozedwe popanda kutchula dzina la kasitomala kapena manambala achinsinsi, ndipo mbiri inene poyera kuti khodiyo ndi ya kampani. Pamene pali chikayiko pa zimene zingatchulidwe, chilolezo chipemphedwe kwa abwanawo, makamaka cholembedwa.

Kuti umboni wa khodi usasowe, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kulemba kapulojekiti kakang'ono katsopano, pa nthawi ya munthu mwini ndi pa kompyuta yake, kosonyeza luso lomwelo pa nkhani ina, popanda kukopera mzere uliwonse wa kuntchito. Yachiwiri ndi kuthandiza pa mapulogalamu a khodi yotseguka kwa onse. DHIS2, imene imatsogoleredwa ndi Yunivesite ya Oslo ndipo imagwiritsidwa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za zaumoyo ku Malawi ndi ku Zambia, ili ndi khodi yake pa GitHub, chimodzimodzinso OpenMRS, yosungira zolemba za odwala. Wokonza cholakwika m'pulojekiti yotere amatumiza pempho lotchedwa `pull request`, eni ake amaliunika, amafunsa mafunso, kenako amalilandira kapena kulikana. Linki yopita ku pempho lolandiridwa ndi umboni wamphamvu, chifukwa imasonyeza khodi, mmene munthuyo amayankhira akadzudzulidwa, ndi kuvomereza kwa anthu amene si anzake.

Kusamala mbiri

Malinki amafa pakapita nthawi. Google Code, kumene ambiri ankasunga khodi kale, inatsekedwa mu 2016. Heroku itathetsa ntchito zake zaulere mu Novembala 2022, mapulogalamu ambiri oonetsera amene ophunzira anaika kumeneko anasiya kutseguka, koma malinki ake anatsalabe mu mbiri zawo. Pulogalamu yoonetsera imene singasamalidwe ndi bwino kuilowetsa m'malo ndi zithunzi kapena kavidiyo kafupi kosungidwa pamodzi ndi khodi.

Asanatumize mbiri kwa wolemba ntchito, mwini wake atsegule linki iliyonse atatuluka mu akaunti yake, kapena pa foni ya munthu wina. Nkhokwe yobisika imatseguka bwinobwino kwa mwini wake, koma kwa mlendo GitHub imangoonetsa tsamba la 404, ngati kuti nkhokweyo kulibe. Kuyesa kotere kumaululanso zithunzi zolemera zimene zimachedwa kutseguka pa netiweki yofooka. Pomaliza, pulojekiti iliyonse ikhale ndi chaka chimene inalembedwa, ndipo imene inasiya kusamalidwa ilembedwe choncho kapena itsekedwe ndi batani la `Archive this repository`, limene limaisiya yowerengeka koma yosasinthika, kuti wowerenga asayese khodi ya zaka zisanu zapitazo ngati muyeso wa luso la munthuyo lero.